Kuyeza chinyontho cha ufa wa chimanga mu uvuni: njira zinayi, ndi chifukwa chake malabotale sagwirizana

Ufa wa m'thumba limodzi ukhoza kupita ku malabotale atatu n'kubwerako ndi manambala atatu osiyana, popanda labotale imene yanama. Izi zimasokoneza eni zigayo a ku Luchenza, ku Chitakale kapena ku Limbuli amene amagulitsa ufa ku sukulu zogonera ndi kwa ogula ambiri, chifukwa pa pepala la mgwirizano pamangolembedwa kuti chinyontho chisapitirire mwakuti, osatchula njira yoyezera. Pamene pagona nkhani ndi apa: uvuni suwerenga madzi. Chimene timayeza ndi kupepuka kwa ufa ukaumikidwa pa kutentha kwakuti kwa maola akuti. Mukasintha kutentha, nthawi, kuchuluka kwa ufa kapena kambale, nambala nayonso imasintha.

Madzi a mu ufa sakhala mofanana onse. Ena amangokhala m'timipata ta pakati pa tizidutswa ta ufa, ndipo amachoka msanga uvuni ukangotentha. Ena amakanirira pa sitachi ndi pa puloteni, ndipo amachoka pang'onopang'ono, moti ngakhale patapita maola ambiri pa madigiri 103 pamatsalabe ena. Mukakweza kutentha kuti muwachotse, zinthu zina zomwe si madzi zimayambanso kuuluka, ufa n'kuyamba kupsa pang'ono. Palibe mphindi imene munganene kuti apa madzi onse atha ndipo palibe china chachoka. N'chifukwa chake mabungwe okhazikitsa miyezo anachita kugwirizana malo oimira, ndipo bungwe lililonse linaima pake.

Njira yoyamba: madigiri 130 kwa ola limodzi

Iyi ndi njira ya AOAC 925.10, yochokera ku bungwe la AOAC lokhazikitsa njira zoyezera zakudya, imene malabotale ambiri a zakudya anazolowera. Mumatenga kambale kachitsulo ka chivindikiro, kotalika m'mimba mwake pafupifupi mamilimita 55, n'kukaumika kopanda kanthu pa madigiri 130, kukaziziritsa mu desiketa, mtsuko wotseka wokhala ndi mankhwala oyamwa chinyezi otchedwa silika jelo, n'kukayeza. Kenaka mumaikamo ufa pafupifupi magalamu 2, kuyeza kachiwiri, n'kulowetsa mu uvuni chivindikiro chili pambali. Kutentha kumayenera kukhala madigiri 130, kusiyana kwake kusapitirire atatu. Ola likakwana mumavindikira kambale kakadali mu uvuni, kukasamutsira mu desiketa, n'kukayeza kakangofika pa kutentha kwa m'chipinda.

Ubwino wake ndi changu: ufa wobwera m'mawa, yankho limatuluka nkhomaliro isanakwane. Koma njirayi inapangidwa poganizira makamaka ufa wosalala ngati wa tirigu. Ufa woyera wa chimanga wosefedwa bwino umauma mokwanira mu ola limodzi, pomwe mgaiwa wa mseremsere uli ndi tizidutswa tolimba ta mbali ya njere yooneka ngati galasi, ndipo madzi a m'kati mwa tizidutswato amachedwa kutuluka. Pa mgaiwa wotere ola limodzi limakonda kupereka nambala yotsika.

Vuto lina ndi pamene ola limayambira. Lamulo limati muyambe kuwerenga uvuni ukabwerera pa madigiri 130, osati pamene mwatseka chitseko. Uvuni wodzaza timbale tozizira umatha mphindi 10, 20 kapena kupitirira usanabwerere pamenepo. Woyeza amene wayamba kuwerenga atangotseka chitseko ndiye kuti waumika ufa kwa mphindi 40 kapena 50 zokha pa kutentha koyenera, ndipo pa njira ya ola limodzi kuchepa kotere ndi kwakukulu. Komanso magalamu 2 ndi ochepa: cholakwika cha magalamu 0.010 pa sikelo chimasuntha yankho ndi theka la peresenti.

Njira yachiwiri: madigiri 130 mpaka 133 kwa maola anayi

Iyi ndi ya ISO 6540, ya bungwe la miyezo la padziko lonse la ISO, yomwe inatuluka koyamba mu 1980 ndipo inalembedwera chimanga penipeni. Anthu ambiri amaisokoneza ndi ISO 712, ya tirigu, mpunga, mapira ndi mbewu zina, imene imaumika magalamu 5 kwa maola awiri, kapena mphindi 90 ukakhala ufa. Chimanga chinachotsedwa mu ISO 712 n'kupatsidwa njira yakeyake chifukwa chimatulutsa madzi mochedwa. Labotale ikalemba pa lipoti kuti yatsata ISO 712 pa ufa wa chimanga, funsani chifukwa chake.

Pa ISO 6540 mumayeza pafupifupi magalamu 8, kuwayala m'kambale mofanana, n'kuumika maola anayi kuyambira pamene uvuni wabwerera pa madigiri 130. Njirayi imasamalanso kukula kwa tizidutswa. Ufa wonse uzidutsa pa sefa ya mamilimita 1.7, wotsalira pa sefa ya milimita imodzi usapitirire 10 peresenti, ndipo wotsalira pa sefa ya theka la milimita usapitirire theka la ufawo. Ufa woyera umakwanitsa izi osaugayanso. Mgaiwa wa pa chigayo cha sefa yakutha kapena yong'ambika nthawi zina sukwanitsa, ndiye umafunika kuperedwa kaye ndi kamphero ka mu labotale kosatenthetsa ufa. Apa pamabadwa cholakwika china: kamphero kakatentha, ufa umataya madzi usanafike pa sikelo, ndipo madzi amenewo sawerengedwanso. Njirayi imanenanso kuti chimanga chonyowa kupitirira 15 peresenti chiyambe chaumikidwa pang'ono pa kutentha kochepa, n'kuyezedwa kulemera poyamba ndi pomaliza, chisanaperedwe, ndipo madzi otayika pa gawo loyambali amaphatikizidwa pa masamu omaliza.

Pa njira zonse za uvuni wamba, iyi ndi imene kawirikawiri imapereka nambala yokwera, chifukwa imapatsa madzi okanirira nthawi yotuluka. Imakhululukanso zolakwika zazing'ono. Mphindi 15 zotayika pa maola anayi sizisuntha yankho ngati mmene zimachitira pa ola limodzi, ndipo magalamu 0.010 pa magalamu 8 ndi kachigawo kongopitirira pang'ono 0.1 peresenti. Choipa chake ndi chakuti imadya pafupifupi tsiku lonse la ntchito mukaphatikiza kuumika timbale ndi kuziziritsa, ndipo magetsi akathima pa ola lachitatu ntchito yonse yawonongeka. Musapitirize kuumika magetsi akabwera n'kumaphatikiza maolawo. Ufa wozizirira mu uvuni wozima umayamwanso chinyezi, ndipo simungadziwe kuti wakhala nthawi yaitali bwanji pa kutentha koyenera. Tayani, muyambe ndi ufa wina.

Njira yachitatu: madigiri 103 mpaka 105

Iyi siinganenedwe kuti ndi njira imodzi, ndipo vuto lake lili pomwepo. Ena amaumika maola atatu, ena anayi, ena amasiya usiku wonse, ena amati mpaka kulemera kusiye kusintha. Imapezeka kwambiri m'malabotale amene ntchito yawo yaikulu ndi dothi, masamba, tiyi kapena zakudya za ziweto, kumene uvuni umakhala wotchera kale pa 103 kapena 105, ndiye ufa ukabwera umangolowa momwemo. Ilipo njira yovomerezeka ya madigiri 103 kwa maola 72, koma imeneyo ndi ya chimanga chanjere chosagaya, si ya ufa.

Pa kutentha kumeneku ufa suwauka, ndipo umenewo ndi ubwino. Koma madzi okanirira satha, moti yankho limatsika poyerekeza ndi la madigiri 130, ndipo kusiyana kwa theka la peresenti kufikira peresenti yathunthu sikudabwitsa. Mawu akuti mpaka kulemera kusiye kusintha nawonso amafuna kumasuliridwa. Kodi kusiye kusintha ndi magalamu angati, pakati pa maola angati? Labotale ina imakhutira kuyeza kuwiri kukasiyana ndi magalamu 0.005, ina imafuna 0.001. Woyamba amaimira panjira, wachiwiri amapitiriza, ndipo manambala awo sangafanane.

Pa mgaiwa pali chinthu china chobisika. Mgaiwa uli ndi mtima wa chimanga, ndipo mafuta ake ndi pafupifupi 4 peresenti, pomwe ufa woyera uli ndi ochepa kwambiri chifukwa mtimawo unapita ndi gaga pokonola. Mafuta akakhala nthawi yaitali mu mpweya wotentha amagwirana ndi okosijeni n'kuyamba kulemera. Ndiye ufa wosiyidwa usiku wonse ukhoza kumataya madzi uku mafuta akuwonjezera kulemera, ziwirizo n'kubisana. Chizindikiro chake ndi kambale kamene pa kuyeza kwachitatu kakulemera kuposa pa kwachiwiri. Zikatero tengani kulemera kotsikitsitsa, osati komaliza. Vutoli limakula pa ufa wa phala wosakaniza ndi soya, umene mafuta ake ndi ochuluka.

Kwa ife a kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, chofooka chachikulu cha njirayi ndi nyengo. Uvuni umakoka mpweya wa m'chipinda n'kuutenthetsa, ndipo madzi a mu mpweyawo amalowa nawo. Tiyerekeze chipinda chili pa madigiri 25, chinyezi cha mpweya chili 80 peresenti, monga zimakhalira m'dzinja ku Mulanje. Mpweya umenewo ukatenthedwa kufika 103, chinyezi chake chimatsika kufika pafupifupi 2.2 peresenti. Tsiku louma la mu Seputembala, chinyezi cha m'chipinda chili 35 peresenti, mu uvuni womwewo chimakhala pafupifupi 1 peresenti. Ufa sungaume kupitirira pamene mpweya wouzungulira ukulola, choncho tsiku lachinyezi umatsala ndi madzi ambiriko, ndipo yankho limatsika. Pa madigiri 130 manambala awiri aja amakhala pafupifupi 0.9 ndi 0.4 peresenti. Kusiyana kulipobe, koma kwachepa. N'chifukwa chake labotale ya ku Mulanje ndi ya kumalo ouma ngati ku chigwa cha Shire zikhoza kutsata njira ya 103 mofanana ndendende n'kusiyanabe pang'ono, ndipo labotale imodzi yomweyo imatha kudzitsutsa yokha pakati pa Febuluwale ndi Okutobala.

Njira yachinayi: uvuni wa vakyumu

Pa AOAC 925.09 ufa wa magalamu 2 umaumikidwa pa madigiri 98 mpaka 100, pampu itakoka mpweya mpaka geji isapitirire 25 mmHg, kwa maola pafupifupi asanu, kufikira kulemera kutakhazikika. Popeza mpweya wa panja sulowa mwachisawawa, nyengo siisokoneza kwenikweni, ndipo mafuta sapeza okosijeni wambiri. Ndi njira yabwino yoweruzira mkangano, koma imafuna pampu yabwino, mphira wa chitseko wosadontha, ndi botolo loumitsa mpweya umene mumalowetsa pomaliza. Mukatsegula valavu msanga, mpweya umalowa mwamphamvu n'kuuluza ufa m'timbale, ndipo ufa wouluka umawerengedwa ngati madzi. Kwa chigayo kapena labotale yaing'ono, si chida chogulira ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Timakina ta nyale ya halojeni, tija timaumika ufa pa kasikelo kake n'kuonetsa yankho pa mphindi 10 kapena kuchepera, si njira yachisanu yodziimira payokha. Kamakina kotere kamayenera kutcheredwa kuti kazigwirizana ndi imodzi mwa njira za uvuni, ndipo kutchera kwa ufa woyera sikugwira pa mgaiwa. N'kothandiza pa chigayo poona ngati ufa wa lero wasiyana ndi wa dzulo. Pa mkangano wa malonda sikangakhale mboni.

Thumba limodzi, mapepala anayi

Tiyerekeze mwini chigayo wa ku Luchenza wagwirizana ndi wogula kuti mgaiwa wake usapitirire 13.5 peresenti. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, koma kasiyanidwe kake ndi kamene kamachitika. Labotale yoyamba yaika magalamu 10 m'kachikho kakuya, madigiri 105, maola atatu, yapeza 12.9. Yachiwiri yatsata ola limodzi pa 130, yapeza 13.4. Yachitatu yatsata maola anayi, yapeza 13.9. Kenaka wophunzira wina wa ku koleji watenga kulemera komwe kwa labotale yachitatu n'kulengeza 16.1. Wogulitsa wanyamula pepala loyamba, wogula wanyamula lachitatu, ndipo aliyense akuti mnzake akufuna kumudyera masuku pamutu.

Tiyambe ndi masamu a labotale yachitatu. Kambale kouma ndi chivindikiro chake kalemera magalamu 41.236. Ndi ufa, 49.248, ndiye kuti ufa ndi magalamu 8.012. Kataumikidwa n'kuzizira, 48.134. Chotayika ndi magalamu 1.114, ndipo ufa wouma wotsala ndi 6.898.

```
w = (m1 - m2) / (m1 - m0) × 100
w = 1.114 / 8.012 × 100 = 13.9
```

Apa m0 ndi kambale kopanda kanthu, m1 ndi kambale ndi ufa usanaume, m2 ndi kambale ndi ufa utauma. Wophunzira uja wagawa 1.114 ndi 6.898, kulemera kwa ufa wouma, n'kupeza 16.1. Masamu akewo ndi ovomerezeka m'mabuku a uinjiniya wa zoumika mbewu, koma pa malonda a ufa ndi pa miyezo ya zakudya chinyontho chimawerengedwa pa kulemera kwa ufa monga unabwerera. Mukaona manambala awiri osiyana ndi maperesenti awiri kapena kuposa pa ufa wa cha m'ma 13 kapena 14, yambani mwaona zimenezi musanakayikire uvuni. Kusintha n'kosavuta: 16.1 kugawa ndi 116.1, kuchulukitsa ndi 100, mubwerera pa 13.9.

Labotale yoyamba ili ndi zifukwa zitatu zotsitsira nambala, ndipo zonse zikukankhira mbali imodzi: kutentha kochepa, nthawi yaifupi, ndi ufa wounjikana. Chachitatuchi anthu amachipeputsa. Mayi aliyense woyanika ufa pa mphasa amadziwa kuti woyala mopyapyala umauma dzuwa lisanapendeke, pomwe wounjika umauma pamwamba pokha. Njira za ISO zimafuna kuti pa sentimita imodzi ya sikweya pasakhale ufa wopitirira magalamu 0.3, moti magalamu 8 amafuna kambale ka masentimita 6 m'mimba mwake kapena kokulirapo. Magalamu 10 m'kachikho ka masentimita 4 ndi pafupifupi magalamu 0.8 pa sentimita ya sikweya, kuposa kawiri muyezo. Ufa wapansi sunaume pamene maola atatu amakwana. Kuti mutsimikize, bwezerani kachikhoko mu uvuni ola lina. Kakapepukanso ndi magalamu 0.020 kapena kuposa, ndiye kuti kanatulutsidwa kasanathe.

Kusiyana kwa yachiwiri ndi yachitatu ndi kwa njira zenizenizo, ndipo palibe wolakwa. Wolakwa ndi mgwirizano umene sunatchule njira. Ndipo theka la peresenti si nkhani yochepa apa, popeza ndi limene likulekanitsa katundu wolandiridwa ndi wobwezedwa. Pa kulemera, peresenti imodzi pa thumba la makilogalamu 50 ndi theka la kilogalamu ya madzi, ndipo pa matumba 600 ndi makilogalamu 300, matumba asanu ndi limodzi ogulidwa pa mtengo wa ufa. Muyezo wa padziko lonse wa Codex wa ufa wa chimanga, wa 1985, umalola mpaka 15 peresenti, koma ogula osunga ufa nthawi yaitali kumalo otentha ndi achinyezi amafuna wotsikirapo, poopa chuku ndi kusasa.

Zimene zimasiyanitsa malabotale otsata njira imodzi

Ngakhale onse atatsata ISO 6540, manambala akhoza kusiyanabe, ndipo nthawi zambiri cholakwika chimachitika ufa usanafike n'komwe pa labotale. Ufa wotuluka kumene m'chigayo umakhala wotentha ndipo ukutayabe madzi. Wa pakamwa pa thumba umasiyana ndi wa pakati, ndipo thumba logona pa simenti kapena lotsamira khoma limanyowa mbali imodzi. Sampulo yoyenera imatengedwa ndi chobayira m'matumba angapo, pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, n'kusakanizidwa msanga, kenaka n'kugawidwa. Kutapa ndi chikho pa thumba lapafupi ndi chitseko si kutenga sampulo.

Chotengera chake ndicho chimapha ambiri. Envulopu ya kaki kapena kajumbo kopyapyala komanga mfundo sikatseka chinyezi. Ufa wa 12 peresenti wokwera minibasi tsiku la chiperoni, n'kukagona masiku awiri pa shelefu ya ofesi yolandirira katundu, umayamwa madzi a mu mpweya. Ufa wa 15 peresenti m'mwezi wouma umachita mosiyana, umataya. Gwiritsani ntchito botolo lagalasi kapena lapulasitiki yokhuthala, la chivindikiro chomanga, ndipo mulidzaze mpaka pakhosi kuti musatsale mpweya wambiri. Ngati botolo linali mu firiji, lisiyeni lifunde lisanatsegulidwe, apo ayi mame amagwera pa ufa wozizira. Musanatape, ligubuduzeni kuti ufa usakanikirane.

Ufa woyera uli ndi zake. Popeza mphale imaviikidwa masiku angapo isanagayidwe, ufa wake umatha kufika wonyowa kwambiri ndiponso wosafanana, ndi timibulu tosunga madzi m'kati. Timibulu tiphwanyidwe botolo lili chitsekere, pokhutchumula, osati poyala ufa pa tebulo. Kuviikako kumabweretsanso asidi wa kuwira, ndipo gawo lina la asidiyo limauluka mu uvuni n'kuwerengedwa ngati madzi. Ndi lochepa, koma likukankhira nambala m'mwamba, makamaka pa madigiri 130.

Kenaka uvuni weniweniwo. Nambala yooneka pa chitseko ndi kutentha kwa pamene pali kachida koyezera, osati kwa pa shelefu pamene pali ufa. Mu uvuni wopanda fani, shelefu yapamwamba ndi yapansi zimatha kusiyana ndi madigiri angapo, ndipo ngodya za kufupi ndi chitseko zimazizira. Njira yoonera ndi yotsika mtengo: dzazani timbale 6 kapena 9 ndi ufa umodzi wosakaniza bwino, tiikeni m'malo osiyanasiyana, muumike pamodzi. Timbale ta malo ena tikamatsika nthawi zonse, malo amenewo musamaikeponso sampulo. Ikaninso themomita yodalirika pa shelefu pomwepo. Kabowo kotulutsira nthunzi kakhale kotsegula, timbale tisadzaze shelefu mpaka kutseka njira ya mpweya, ndipo musalowetse sampulo zonyowa, monga chinangwa chachiwisi kapena masamba, muli ufa umene watsala pang'ono kutuluka. Nthunzi yake imabwerera mu ufawo.

Pakati pa uvuni ndi sikelo ndi pamene pamatayika manambala ambiri kuno kwathu. Ufa wouma kotheratu umakoka madzi mwaukali, ndipo mu mpweya wa ku Thyolo nthawi ya mvula mukhoza kuona manambala a sikelo akukwera kambale kakakhala kosavindikira. Choncho chivindikiro chibwerere msanga potulutsa, kambale kalowe mu desiketa, kakhalemo mphindi 30 mpaka 45. Kuyeza kambale kofunda kumanamiza mbali inayo: mpweya wotentha wokwera m'mbali mwake umakapepukitsa pa sikelo, ndipo chinyontho chimaoneka chokwera. Kusiya timbale usiku wonse mu desiketa ya silika jelo yotopa kumatsitsa nambala. Silika ya buluu ikasanduka yapinki, kapena ya olenji ikasintha mtundu, yakhuta madzi, ndipo iumikidwe pa madigiri pafupifupi 120 mpaka mtundu ubwerere. Pakamwa pa desiketa pakhale girisi, timbale tisasanjikizane, ndipo tigwidwe ndi chopanira, popeza thukuta la zala limaoneka pa sikelo yowerenga magalamu 0.001. Sikelo ya kukhitchini kapena ya pa golosale, yowerenga galamu imodzi kapena 0.1, siingagwire ntchitoyi: pa magalamu 8, kulumpha kumodzi kwa 0.1 ndi peresenti yoposa imodzi.

Chizindikiro choyamba cha labotale yosamala ndi chakuti imayeza sampulo iliyonse kawiri. Mayankho awiriwo asasiyane kupitirira 0.15, kapena 0.2 mukalekerera. Akasiyana kuposa apo, sagawidwa pakati, ntchito imabwerezedwa. Koma kugwirizana kwa timbale tiwiri sikutsimikiza kuti nambala ndi yolondola. Uvuni wozizira ndi madigiri asanu umapereka timbale tiwiri togwirizana bwinobwino, tonse totsika.

Musankhe iti

Pa mgwirizano wa malonda a ufa wa chimanga, makamaka mgaiwa, ife timalangiza ISO 6540, ndipo ilembedwe pa pepala pamodzi ndi malire ake: chinyontho chisapitirire mwakuti, poyeza ndi njira yakuti, powerengera kulemera kwa ufa monga unabwerera. Ngati ufa ukupita kukayezedwa ku bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, funsani njira imene iwo amatsata pa ufa wa chimanga, ndipo labotale yanu itsate yomweyo, kuti musamadzitonthoze ndi nambala imene kumeneko siikatuluka. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya pa chigayo, ola limodzi pa 130 ndi lokwanira, bola mudziwe kuti pa ufa wanu limatsika bwanji poyerekeza ndi maola anayi. Yezani sampulo khumi ndi njira zonse ziwiri, mgaiwa paokha, ufa woyera paokha, mupeze kusiyana kwapakati, ndipo mubwereze mukasintha sefa ya chigayo. Njira ya 103 mpaka 105 timaivomera pokhapokha maola, kulemera kwa sampulo ndi kukula kwa kambale zalembedwa, ndipo nambala yake isayerekezedwe ndi ya madigiri 130.

Mkangano ukabuka kale, kutumiza sampulo zatsopano kuchokera m'matumba ena kumangouwonjezera. Tengani ufa wokwana kilogalamu imodzi pamaso pa mbali zonse ziwiri, usakanizidwe m'chidebe chotseka, ugawidwe nthawi yomweyo m'mabotolo atatu odzaza, omata ndi kusainidwa. Awiri apite ku malabotale awiri kuti akayezedwe tsiku limodzi ndi njira imodzi, lachitatu lisungidwe pozizira. Pemphani kuti lipoti lisangopereka peresenti, koma lionetse kulemera konse kutatu kwa kambale kalikonse, kutentha, nthawi imene kuwerenga kunayamba ndi kutha, mtundu wa uvuni, ndi mphindi zoziziritsa. Malabotale awiriwo akasiyana ndi 0.3 kapena kuchepera, kumeneko ndi kusiyana kwa masiku onse, ndipo katundu amene ali pa malire penipeni ayenera kukambidwa pa mtengo, chifukwa kuyeza kwina sikudzathetsa nkhaniyo. Akasiyana ndi theka la peresenti kapena kuposa, botolo lachitatu ligawidwe pawiri n'kupita kwa onse, aliyense ataika themomita imodzi yomweyo pa shelefu ya uvuni wake.